Kudzera mwa Kalaliki Wamkulu

Bambo Longwe atapuma pa ntchito m'mwezi wa Juni 1986, palibe amene anamuitana Jenet Kalitera n'kumuuza kuti atenge ntchito zawo. Ntchitozo zinangobwera zokha, imodziimodzi. Jenet anali wotayipa pa nthambi ya ku Mzuzu ya kampani ina yogulitsa malata, simenti ndi misomali, yomwe likulu lake linali ku Limbe. Bambo Longwe ndiwo anali kalaliki wamkulu. Tsiku lotsanzikana anamwa fanta, analandira wotchi ya pakhoma, nakwera basi ya ku Chintheche. Kutacha, makiyi a mosungira katundu anapezeka ali patebulo la Jenet.

"Mungosungako, amama, mpaka a ku Limbe atitumizire munthu," anatero a manijala, Bambo Chavula. "Yewo chomene," anathokoza m'chilankhulo cha kwawo.

Pambuyo pa makiyi panabwera kuwerenga malata lole ikafika. Kenaka kugawa masiku a tchuthi, kuweruza milandu ya alonda, kulemba lipoti la pamwezi. Pansi pa pepala lililonse Jenet ankadinda chidindo cha Bambo Longwe n'kusayina kuti, "J. Kalitera, m'malo mwa Kalaliki Wamkulu." Kutayipa nako sikunaleke.

Kunena zoona, ntchitoyo inkamusangalatsa. Madalaivala amene kale ankamutcha "asisi a ku Zomba" anayamba kuvula zipewa polowa mu ofesi. Koma itakwana miyezi isanu ndi iwiri, munthu wa ku Limbe uja asanaonekebe, malipiro a Jenet anali akadali a wotayipa. Kampaniyo inkaunika malipiro kamodzi pa chaka, m'mwezi wa Malichi, ndipo kalata yofika Febuluwale atatha inkadikira chaka chinacho.

Lamulungu lina atabwera kutchalitchi, mvula ya ku Mzuzu ikuwaza monga mwa masiku onse, Jenet ndi mwamuna wake Elson anakhala patebulo m'nyumba yawo ku Chibavi, kalata yopempha kukweza malipiro imene Jenet analemba pamanja ili pakati pawo. Elson anali mphunzitsi wa Sitandade 8, munthu wosatha kuona pepala osalichonga.

"Apa mwati 'ndatopa'," anatero iye. "Chotsani, amake Tamara."

"Koma ndatopadi."

"Topani kuno kunyumba. Ku Limbe akawerenga 'ndatopa', adzati mayiyu timupumitse. Nanga apa? 'Si chilungamo'? Mukufuna anthu akumbukire dzina lanu?"

Jenet anafuta yekha mawuwo. Masiku amenewo dzina loti wodandaula linkam'mamatira munthu, ndipo sunkadziwa kuti likakuperekeza mpaka kuti.

"Ndiye chatsala n'chiyani, bambo a Tamara? Mwadya kalata yonse."

"Chatsala ndi zimene mumachita. Zilembeni, ndi tsiku limene munayamba. Asamve mkwiyo wanu, aone ntchito."

Lolemba pa nthawi ya nkhomaliro Jenet anaitayipa m'Chingerezi, ndi makaboni awiri. Inali yopita kwa mkulu woona za antchito ku Limbe, ndipo inkanena izi:

"Ndikulemba modzichepetsa kupempha kuti muunikenso malipiro anga. Ndagwira ntchito ya wotayipa pa nthambi ino zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ndikuthokoza chifukwa cha mwayi umenewu. Kuyambira pa 1 Julayi chaka chatha, kuwonjezera pa kutayipa, ndakhala ndikusunga makiyi a katundu, kulandira malole, kukonza ndandanda ya tchuthi ndi kulemba lipoti la pamwezi. Ntchitozi ndikuzigwira mokondwa ndipo ndine wokonzeka kupitiriza. Ndingayamikire mutaganizira pempholi pa nthawi imene mukuunika malipiro."

Pamwamba, pamene pamalembedwa anthu amene kalata idzeremo, Jenet anaima pang'ono. Wantchito wamng'ono sankalembera ku likulu mwachindunji. Kalata yake inkadzera mwa kalaliki wamkulu, amene ankadinda n'kuikapo ndemanga, kenaka mwa a manijala, ndipo pomwepo inkalowa m'thumba la makalata lopita ndi lole ya Lachinayi. Popeza kalaliki wamkulu kunalibe, Jenet anangolemba a manijala okha. Bambo Chavula anawerenga, anagwedeza mutu, nasayina.

Patapita masabata awiri kalatayo inabwerera. Pakona panali mawu a inki yofiira: "Idzere mwa Kalaliki Wamkulu. Tsatirani ndondomeko. E. Somba." Linali Lachiwiri, pa 24 Febuluwale. Lole yomaliza ya mweziwo inali kunyamuka mkuja, kukafika ku Limbe Lachisanu.

Jenet anaitayipanso, ndi mizere iwiri ya "kudzera mwa", nagogoda pa chitseko cha a manijala.

"Mayi Somba amenewa," anatero Bambo Chavula akupukuta magalasi, "ndikuwadziwa makola, bwino kwambiri. Sawerenga kalata, amawerenga zidindo. Chikasowa chimodzi, basi."

"Ndiye musayine pawiri ponse, bwana."

"Yayi, amama. Ine ndine manijala. Ndikasayina pa kalaliki, adzati Chavula wadzitsitsa yekha udindo, ndipo ena kumeneko adzavomera msanga."

"Titumize ku Chintheche kwa Bambo Longwe?"

"Munthu wopuma? Siginecha yake pano ili ngati ya mlamu wanga."

"Nanga titani?"

"Tidikire kalaliki watsopano. Akafika, adinda."

"Akafika, bwana, atenga makiyi. Akatenga makiyi, zonse ndalemba m'kalatamu zisanduka bodza."

Bambo Chavula anavala magalasi aja, nayang'ana kudenga, milomo ikuyenda ngati akuwerengera. Kenaka anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye kuti kalatayi ndi yoona pokhapokha wodinda kulibe, koma singayende pokhapokha wodinda alipo! Adada ŵane! Suzgo ili n'likulu, vuto lalikulu ndithu."

Jenet sanaseke. Anabwerera patebulo lake, kalata ili m'manja. Panali mapepala ena odikira: pempho la tchuthi la mlonda, chikalata cha lole ya simenti. Anatsegula kabati, natulutsa chidindo, nadinda loyamba, nasayina. Anadinda lachiwiri. Dzanja litazolowera choncho, linatsala pang'ono kudinda ndi kalata yake yomwe. Analigwira lili m'mwamba.

Miyezi yonseyi, kalata iliyonse yochokera kwa antchito a nthambiyo inkadzera mwa iye, ndipo ku Limbe sanabwezepo ngakhale imodzi. Pempho la dalaivala lopita kumaliro ku Ekwendeni linadutsa ndi siginecha yake. Nanga lakeli likanike bwanji? Komabe panali choopsa. Kudzivomereza wekha pempho la malipiro ndi chinthu choti munthu angachotsedwe nacho ntchito, kapena, choipa kwambiri m'maso mwa Jenet, angasekedwe nacho m'nthambi zonse kuyambira ku Karonga mpaka ku Nsanje.

Anaganiza mpaka tiyi wa teni koloko anazizira. Kenaka anadinda bwinobwino, mosapendekeka, nalemba ndi cholembera pa malo a ndemanga: "Ndatumiza popanda ndemanga, chifukwa wopemphayu ndi ine ndemwe. J. Kalitera, m'malo mwa Kalaliki Wamkulu."

Bambo Chavula anawerenga kawiri.

"Amama Kalitera, mukufuna atimange tonse?"

"Pali bodza pamenepo, bwana?"

"Palibe. N'chimene chikundiopsa." Anazunguza cholembera m'zala kanthawi. "Ndemanga simunaike, ndiye simunadzikweze. Ndondomeko mwatsata. Chabwino." Pansi pake analemba kuti akugwirizana ndi pempholo, ndi kuti mayiyu amagwira ntchito ya anthu awiri mosanyinyirika.

Madzulo Elson atamva, anagwira pakamwa.

"Ine ndinachotsa mawu onse oopsa, inu n'kukawonjezera anuanu?"

"Munati ndilembe zimene ndimachita. Kudinda ndi kumene ndimachita."

Sabata yotsatira, Lachitatu m'mawa, telefoni ya ofesi inalira. Inali yochokera ku Limbe, ndipo mawu ankamveka ngati akuchokera pansi pa chitsime. Jenet ndiye anayankha, pakuti imeneyonso inali itakhala ntchito yake.

"Ndine Mayi Somba. Ndipatseni kalaliki wamkulu."

"Kulibe, mayi. Ndine Kalitera."

"Kalitera uti? Wopempha kapena wodinda?"

"Onse awiri, mayi."

Pa telefonipo panamveka mapepala akutembenuzidwa.

"Ndatsegula fayilo ya Mzuzu," anatero Mayi Somba pang'onopang'ono. "Lipoti la Julayi, Kalitera. La Ogasiti, Kalitera. Mpaka Januwale. Mukundiuza kuti chichokereni a Longwe sitinatumize munthu?"

"Tikudikirabe, mayi."

"Ndipo palibe anatikumbutsa?"

Jenet anayang'ana chitseko cha a manijala, chimene chinali chotseguka pang'ono, ndipo kuseri kwake kunali zii wa munthu amene akumvetsera.

"Ntchito inkayenda, mayi," anatero.

"Ndaona kuti inkayenda. Mwana wanga, zaka makumi awiri ndili pa mpando uno sindinalandirepo kalata yodzera mwa mwini wake. Ndipatseni a Chavula."

Zimene anakambirana Jenet sanamve zonse. Anangomva "inde, mayi" kasanu ndi kawiri, ndi "yewo" mmodzi wothawa yekha.

Yankho linabwera kumapeto kwa Malichi. Jenet analitsegula yekha, nalidinda tsiku lofika, kenaka n'kuliwerenga. Kuyambira pa 1 Epulo akhala wogwirizira udindo wa kalaliki wamkulu, ndipo azilandira alawansi ya wogwirizira pamwamba pa malipiro ake. Ikatha miyezi isanu ndi umodzi adzaona zomukhazika pa udindowo. Za miyezi yam'mbuyo, kampani ikuthokoza, koma singalipire ntchito imene sinapatse munthu polemba. Kutayipa apitirize mpaka wotayipa wina atapezeka.

Anawerenganso ndime ya miyezi yam'mbuyoyo, ndipo inamuwawa ndithu. Koma atabwerera ku ndime yoyamba anapeza kuti akumwetulira. Dzina lake linali pamenepo, pambali pa udindowo, litatayipidwa ndi munthu wina.

Bambo Chavula anatuluka ndi pepala lawolawo, lochokera m'thumba la makalata lomwe linabweretsa yankholo.

"Zikomo kwambiri, a kalaliki wamkulu," anatero akugwira dzanja la Jenet ndi manja awiri. "Tsono ine andifunsa ndifotokoze chifukwa chimene ndinakhalira chete miyezi yonseyi. Mundithandize mawu. Aulemu chomene, ngati anu aja."

Jenet anakokera makina pafupi, nalowetsa pepala ndi makaboni awiri.

"Yambani ndi kuthokoza, bwana," anatero. "Zinazo tiona."