Kulira kwa Loko wa Pafakitale

Filimu ya mbiri ya fakitale inkayamba mosalonjera: mutu wake usanaoneke, kanema wakale ankaonetsa mlonda akutseka geti komaliza. Mlembi anali atalembapo mawu ofotokozera kanemayo okwana ndime yathunthu, ndipo ankainyadira.

"Achemwali, mawu anuwa akuphimba kulira kwa loko," anatero wolumikiza makanema, akubweza chithunzicho pakompyuta.

"Ndiye ine ndavutikiranji?" anafunsa mlembi mopsa mtima.

Anaoneranso popanda mawuwo. Loko anangoti kha! Mlonda n'kugwedezanso getilo ngati sakukhulupirira.

Mlembi anafufuta pafupifupi ndime yonse. Anasiya chiganizo chimodzi, n'kuchisunthira pamene mutu watha, kuti chiwolotsere oonera ku kanema wa tsiku lotsegulira fakitaleyo: "Geti lomweli linatsegulidwa anthu akuimba."

"Nanga koyambirira kuja mulembako chiyani?" anafunsa mnzakeyo.

"Palibe, achimwene. Mlonda uja wanena kale zonse."