Malo Anga Oimika Galimoto

Imelo ija inafika Lachitatu pa foni ya mwana wanga wamkazi, chifukwa ine imelo ndilibe. Foni yanga ndi ya mabatani, yomwe anasiya malemu amuna anga. Mwanayo anaweruka kusitolo komwe amagulitsa nsalu nkubwera molunjika kwathu, ataisindikiza kale papepala.

"Amayi, akulembani ntchito ija ya kuhotela. Khalani pansi ndikuwerengereni."

"Bweretsa kuno. Sitandade sikisi ndinafika, maso ndili nawo."

Ndinawerenga ndekha, chala chili pamzere. Pamwamba panali dzina langa, lolembedwa bwinobwino, ndi ntchito yanga: wochapa ndi kusita. Kenako anati takulandirani, ndife okondwa. Mudzayamba Lolemba. Mudzafike hafu pasiti eyiti, mudzalowere pakhomo lalikulu la magalasi, mudzanene dzina lanu pamalo ofikira alendo, ndipo wina adzabwera kudzakutengani. Mudzatenge chiphaso chanu, zithunzi ziwiri zazing'ono, ndi dzina komanso nambala ya wachibale woti tingamuimbire mutadwala. Mudzavale zovala za muofesi. M'mawa wonse kudzakhala msonkhano wokudziwitsani za ntchito, choncho foni idzakhale yothimitsa. Kompyuta yanu mudzaipeza patebulo panu. Malo anu oimika galimoto ndi nambala 14. Yankhani imeloyi pasanafike Lachisanu kuti titsimikize kuti mudzabwera.

Mwana wanga anaseka mpaka kugwira khoma. "Kompyuta, amayi? Muzidzachapira chiyani, mawaya?"

"Ukuseka chiyani? Mwina makina awo amayendera zomwezo. Alemba ndi anthu ophunzira."

"Nanga galimoto?"

"Ndidzaimikapo miyendo yangayi."

Mwanayo anati tiwaimbire tifunse. Ndinakana. Munthu sunayambe nkomwe ntchito, uyambe kuwauza eni ake kuti sadziwa kulemba? Komanso ndinkaopa. Chifereni amuna anga panali patatha miyezi khumi, ndipo alamu anga, achimwene awo a malemuwo, sabata iliyonse ankabwera ndi nyimbo yomweyo. "Mlamu, mukuvutikiranji muno? Longedzani mudzakhale kwathu, mudzithandizana ndi mkazi wanga." Kuthandizanako ndikukudziwa. Ana asanu, zovala zawo, mbale zawo, ine kugona pakhonde lotchinga ndi malata. Ndinawauza m'maso kuti ngati nkuchapa, ndikachapa kolembedwa ntchito. Iwo anati, "Tiona." Ntchito imeneyi ndiyo inali yankho langa pa tiona ameneyo.

Tinayankha imeloyo tsiku lomwelo. Ndinkanena, mwana nkumalemba: "Ndalandira. Ndidzafika Lolemba hafu pasiti eyiti pakhomo la magalasi monga mwanenera." Mawa lake yankho linabwera: "Zikomo, tikuyembekezerani." Ndinati asindikizenso zimenezo. Malemu ankandiseka kuti ndimasunga mapepala ngati mbewa. Iwo sanasunge ngakhale limodzi, ndipo atamwalira ndinaona nazo zakuda m'maofesi. Mpaka lero ndikawakumbukira pa nkhani imeneyo ndimawatukwana mumtima, kenako ndimawasowa.

Pa dzina la wachibale ndinakhala nthawi cholembera chili m'manja. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi funso limenelo linali ndi yankho limodzi. Ndinalemba la mwana wanga.

Lolemba ndinavala suti yabuluu ya mwana wanga ndi nsapato zake zondithina. Foni ndinathimitsiratu kunyumba kuti ndingaiwale. Eyiti koloko ndinali nditafika. Ndinazungulira kaye koimika magalimoto, ndinapeza nambala 14 yolembedwa ndi penti yoyera pansi. Panali popanda kanthu. Ndinaimapo pang'ono, chikwama m'khwapa, mpaka mlonda anayamba kundiyang'ana.

Mkati munali mozizira, monunkhira sopo wa pansi. Ndinanena dzina langa kwa mtsikana wa pamalo ofikira alendo. Anayang'ana pakompyuta, anati lero sanauzidwe za munthu watsopano, koma ndikhale pampando aimbe ku ofesi yolemba anthu ntchito. Kunalibe woyankha. Ndinakhala. Mpando wake unali wofewa wokumeza. Alendo ankadutsa ndi masutikesi, wina mpaka anandipatsa moni waulemu ngati ndine mwini hotela.

Naini koloko itadutsa, anatulukira mayi wina wa yunifolomu yotuwa akukankha ngolo ya matawulo. Ndinamuzindikira. Ndi kapitawo wa kochapira, yemwe tsiku loyesedwa anandipatsa malaya oyera kuti ndisite iye akuyang'ana wotchi. Anaima nkundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Si inu mayi muja munasita kolala bwino? Mukutani pano?"

"Ndabwera kuntchito."

"Ntchito yake iti? Ife timayamba sikisi koloko, geti lakuseri. Ndakudikirani mpaka seveni. Ndaimba katatu, foni yothima. Ine lamulo langa ndi limodzi, mayi: wosabwera tsiku loyamba ndimaitana wotsatira pamndandanda. Ndamuimbira kale, abwera masana."

Ndinaona nkhope ya alamu anga, ndinaona khonde lija. Koma sindinakuwe. Ndikakwiya kwenikweni mawu anga amatsika. Ndinatsegula chikwama.

"Werengani."

Anawerenga atatalikitsa pepala, poti magalasi a maso anali atawasiya kochapira. Atafika pa kompyuta anasiya, anayang'ana kudenga.

"Gogoda," anatero. "Tiyeni."

Gogoda ndi dzina lomwe a kochapira anamupatsa mtsikana wa ku ofesi yolemba anthu ntchito, chifukwa cha nsapato zake zomwe zimamveka iye asanaoneke. Tinakwera masitepe akuseri, ine ndikutsimphina. Ofesi yake inali yaing'ono: tebulo, kabati ya mafayilo, duwa louma pawindo. Anali atangotuluka mumsonkhano, kapu ya tiyi ili m'manja.

"Mayi awa mwawauza kuti abwere nthawi yanji?" anafunsa kapitawo.

"Monga mwa nthawi zonse. A kochapira sikisi koloko, geti lakuseri." Anandiyang'ana mokoma mtima, kukoma mtima kuja kumene kumandinyansa. "Mwina amayiwa sanamvetse bwino. Anakuwerengerani ndani, amayi?"

"Ndinawerenga ndekha, mwanawe. Tsopano werenga iwe, mokweza, timve tonse."

Ndinayala mapepala awiri aja patebulo pake. Sanawerenge mokweza. Anakhala pansi, anatsegula maimelo omwe anatumiza, anapeza yanga. Kapu anaiika pambali pang'onopang'ono.

Chomwe chinachitika nchakuti mwezi wathawo analemba ntchito mkulu wina woyang'anira zogulagula. Pofuna kufulumira, Gogoda anatenga imelo ya mkuluyo, anasintha dzina, ntchito ndi tsiku, zotsalazo anazisiya momwemo. Imelo ya a kochapira inalipo yakeyake mufoda ina, koma sanaitsegule.

"Pepani," anatero. "Koma mukanafunsa, amayi. Zinthu ngati kompyuta..."

"Ndinakulembera. Pepala lachiwiri ilo. Ndinati ndidzafika hafu pasiti eyiti pakhomo la magalasi. Iwe unati zikomo. Unawerenga, kapena unangoona kuti kwabwera kanthu?"

Anatenga pepalalo nkuliwerenga. Kapitawo anakanda m'mutu.

"Vuto ndi ili," anatero. "Mayi winayo ndamuuza kuti ntchito ndi yake. Malo ndi amodzi. Ndimuuza chiyani?"

"Inu simumuuza kanthu," ndinatero. "Simunalakwe. Aimbe amene anasokonezayu. Anene kuti walakwa ndi iye, asanene kuti kunali kusamvana. Kusamvana kunalibe. Ine ndinamva bwinobwino."

Gogoda anayang'ana kapitawo ngati amupulumutsa. Kapitawo anamukankhira foni ya patebulo nkumuwerengera nambala.

Gogoda anaimba ife tili pomwepo. Ananena zoona zokhazokha, pamenepo ndimuyamikire. Mbali inayo ndinamva kamawu kakuti, "Chabwino, ndamva." Sindinakondwe. Mayi ameneyo ndinamuona tsiku loyesedwa, tinakhala benchi imodzi, anandibwereka cholembera chake ndipo ndinaiwala kumubwezera. Mwina anali atasita kale diresi. Mwina nayenso ali ndi mlamu wake. Ndinauza Gogoda kuti dzina la mayiyo alilembe pakapepala alimate pakompyuta pakepo, aziliona tsiku lililonse mpaka malo ena atapezeka. Anamata.

Kenako anatenga chiphaso changa nkuchijambula pamakina, anatenga zithunzi, ndinasaina mafomu. Kapitawo ananditsitsira kuchipinda chochapira, pansi penipeni pa hotela, kotentha, makina akuluakulu anayi akuzungulira. Yunifolomu ya saizi yanga kunalibe, chifukwa imelo yoyenera ndiyo imafunsa saizi ya zovala ndi nsapato. Tsiku lonse ndinapinda mashiti a pabedi nditavala suti yabuluu, kuphazi nsapato zakale za kapitawo. Anzanga atsopanowo pofika masana anali atandipatsa kale dzina, la nambala ya malo a galimoto aja.

"Abwana a Fotini, tatipatsirani mapilo awo!"

"Abwana, galimoto mwakhoma?"

Ndinawasiya. Dzinalo lilipobe.

Loweruka alamu anga anabwera monga mwa masiku onse. Anapeza yunifolomu yotuwa ili pachingwe. Anaiyang'ana, anafunsa za mvula, anapita. Tiyi sindinawapatse.

Patatha miyezi itatu mnzathu wina anasamuka, malo anapezeka. Tsiku lina ndikusita ndinamva go, go, go, pamasitepe. Gogoda anali asanatsikepo kuchipinda chathu. Anaima pakhomo, thukuta litayamba kale, pepala m'manja.

"Amayi, ndi imelo ya mayi ndinawaimbira aja. Ndisanatumize, tandionerani."

Ndinaimika simbi, ndinapukuta m'manja. Nthawi inali yolondola, sikisi koloko. Saizi anafunsa. Koma pa geti anangolemba kuti lakuseri.

"Kuseri kuli mageti awiri. Lemba kuti lobiriwira, loyandikana ndi mabini. Lina lija ndi la magalimoto a katundu, sakamutsegulira. Lemba kuti mlonda adzakhala ndi dzina lake, ndipo ukamupatsedi mlondayo dzinalo. Nsapato zafulati, zotseka kutsogolo, pansi pano pamaterera. Atenge kapu yake, kuno makapu kulibe. Foni isathime mpaka atalowa. Uikepo nambala ya kapitawo."

Ankalemba atatsamiza pepala pakhoma.

"China?"

"Akayankha, uwerenge."

"Ndiwerenga, amayi."

Lolemba lotsatira ndinafika kotala tu sikisi. Mayi uja ndinamupeza ataima kale pageti lobiriwira, nsapato zafulati, kapu ikusuzumira m'chikwama, pepala m'manja. Ndinamubwezera cholembera chake.