Rauta ya Pawindo

Pachipatala chaching'onocho aliyense ankamutchula kuti Mawaya, chifukwa ndiye ankaitanidwa makompyuta akavuta. Ntchito ya pa risepishoni anamupezera mlongo wake ndi iyeyo, mwamuna wa mlongoyo atamwalira n'kumusiyira ana awiri.

Vuto linayamba nyengo yotentha. Tsamba la pa intaneti lomwe ankalembetserapo odwala ndi kuonerapo zotsatira za magazi linkathamanga bwinobwino m'mawa. Dzuwa likangopendeka, basi, kachizindikiro ka pa kompyuta kankangozungulira, odwala ali mbwee pabenchi. Pofika madzulo linkachira lokha.

Manejala, bambo wokonda mayankho achangu kuposa oona, anakumana ndi Mawaya pakhonde n'kumufunsa chomwe chikuchitika.

"Mwina n'kuchulukana, bwana," anayankha Mawaya, maso ali pa foni. "Masana anthu amaonera mavidiyo, ndiye njira imadzaza."

Anangoyankhula kuti adutse. Koma mawa lake manejala anapeza mlongo uja akuonera kavidiyo ka mwana wake akuimba kusukulu, pa kompyuta ya ntchito, mzere wa odwala utafika pakhomo. Lachisanu anamuuza kuti Lolemba asabwerenso.

"Achimwene, ndimadikira tsamba lomwelo kuti litseguke," anatero mlongoyo pa foni. "Ndikanatani? Ndizingoyang'ana khoma?"

Mawaya anamva chisoni chosakanikirana ndi manyazi. Apa m'pamene anayamba kuchita zomwe anayenera kuchita poyamba.

Anayambira pa tsamba lenilenilo. Anayang'ana kukula kwa zithunzi ndi zonse zomwe kompyuta imakoka polititsegula. Zinali zochepa, ndipo sizinkasintha m'mawa kapena masana. Tsamba lolemera limalemera tsiku lonse, silisankha ola. Analichotsa pamlandu.

Kuchulukana anakuyesa Lamlungu, chipatala chili chotseka. Analowa yekha, makompyuta ena onse ali ozimitsa, ndipo atayang'ana kuchuluka kwa zodutsa pa laini ya intaneti anapeza njira ili mbee. M'mawa tsamba linkatseguka msanga. Masana linayamba kukwawa, popanda ndi mmodzi yemwe woonera vidiyo.

Kenako anayambanso kutumiza timauthenga toyesera kwa rauta, kabokosi kogawa intaneti komwe kanali m'chipinda chosungiramo mafayilo. Timauthengati sitituluka n'komwe m'nyumba, timangofika pa rauta n'kubwerera. M'mawa tinkabwerera tonse. Tsopano tambiri tinkasowera m'njira, ngakhale atalumikiza laputopu yake ndi waya watsopano.

Atatsegula chitseko cha chipindacho, mpweya wotentha unamuwomba kumaso. Wina anali atasuntha shelefu kuti mafayilo akwane, ndipo rauta inali pawindo lopanda katani, dzuwa likuiwotcha. Ataigwira anachotsa dzanja msanga. Timabowo take topumira tinali titatsekeka ndi fumbi. Anaizimitsa, naiika pansi pozizira, ndipo atayiyatsanso patapita kanthawi timauthenga tonse tinabwerera.

Anakhala pa katoni ya mafayilo, mutu uli m'manja. Akanatha kubwezera rauta ija pawindo paja kuti Lolemba masana manejala adzaone yekha tsamba likukwawa mlongo wake kulibe. Umboni wake unali womwewo. Koma anakumbukira mayi wina amene Lachinayi anakomoka pabenchi akudikira zotsatira za magazi. Anatenga rauta ina yomwe ankayenda nayo m'chikwama, naimangirira kukhoma la mthunzi.

Lolemba anafika ndi rauta yakale ija m'manja kuti afotokoze. Manejala anali pamsonkhano mpaka masana. Potuluka anapeza benchi ili yopanda anthu, ndipo mtsikana watsopano pa risepishoni akulembetsa odwala mosavuta.

"Bwana, vuto silinali kuchulukana," anayamba Mawaya. "Ndinalakwitsa. Ndi kabokosi aka, kamatentha ndi dzuwa. Mlongo wanga alibe mlandu."

Manejala anayang'ana kabokosiko, kenako benchi ija, n'kuseka pang'ono.

"Magazi ndi magazi, a Mawaya, ndikumvetsa. Koma munanena nokha kuti ndi mavidiyo. Wamavidiyo wachoka, taonani mmene zikuthamangira."

"Ndiloleni ndiibwezere pawindo mawa, muone."

"Mundiwonongere ntchito dala? Iyayi." Anamusisita paphewa n'kulowa mu ofesi.

Madzulo Mawaya anadzera kwa mlongo wake. Anamupeza akusita yunifolomu ya mwana, ndipo mlongoyo sanakweze mutu.

"Zatheka, achimwene?"

"Tsamba likuyenda," anatero Mawaya.

"Ndiye ndibwerere liti?"

Mawaya anayang'ana kabokosi kamene kanali m'manja mwake. Kanali katazizira kale.