Mapilitsi a madzi a Anastazia

Mvula ya 1990 itayamba, mpopi wa pa nyumba ya Febian Mwanza ku Ngungu unali utauma miyezi inayi. Iye ndi mkazi wake Anastazia ankamwa madzi a pachitsime cha aneba. Kolera itamveka m'tauni, Anastazia anayamba kuwiritsa madzi, koma utsi wa mbaula unkamuchititsa nseru.

Loweruka, Febian ataweruka ku njanji komwe ankagwira ntchito, anapalasa njinga kupita ku sitolo ya mankhwala. Mayi wogulitsa anamuuza kuti masefa a madzi anatha kalekale. Anaika patebulo mitundu iwiri ya mapilitsi: a klorini m'kapepala konyezimira, ndi a ayodini m'kabotolo kofiirira.

Febian analoza kabotolo. Anzake oyendetsa sitima ankanyamula amenewo paulendo, ndipo ankawayamikira.

"Kunyumba kuli woyembekezera?" anafunsa mayiyo. "A ayodini sayenera mayi wapakati."

"Tili awiri chabe," anatero Febian, akuyang'ana pansi. Anali atakhala m'banja zaka zisanu ndi zinayi, ndipo abale a ku Petauke anali atasiya ngakhale kufunsa za mwana.

Kunyumba anapeza Anastazia akusefa madzi ndi chitenje choyera. Anamupatsa kabotolo, n'kumufotokozera za funso lija akuseka pang'ono kuti lisapweteke.

Anastazia sanaseke. Anaika kabotolo pawindo, n'kupukuta manja nthawi yaitali.

"Mukabweze, aMwanza. Mukatenge enawo."

"Chifukwa? Awa ndiwo abwino."

"Ndinapita ku kiliniki Lachiwiri. Miyezi itatu. Ndimafuna ipite inayi ndisanakuuzeni. Ndimaopa kuti mungasangalale pachabe."

Febian anakhala pa chitini cha madzi, osaona kuti n'chonyowa. Anagwira dzanja la mkazi wake, lozizira ndi madzi a pachitsime.

Anafika ku sitolo thukuta lili kamukamu, atatsala pang'ono kutseka.

"Ndinakunamizani, mayi. Inenso sindimadziwa."

Mayiyo anamwetulira, n'kumusinthira. Anamulangiza pang'onopang'ono, monga mmene amachitira ndi munthu amene mutu wake uli kwina: madzi akhale kaye kuti matope atsike, awasefe, chifukwa m'madzi a mbuu mankhwala sagwira bwino. Muyezo wa madzi a pilitsi limodzi atsate wolembedwa papepala. Adikire theka la ola asanamwe, ndipo ndowa ikhale yovundikira. Febian anabwereza zonse kawiri.

Mmawa mwake, asanapite ku Misa, anatunga yekha, azimayi a pachitsime akumuyang'ana. Anaponya pilitsi, n'kuika wotchi yake pa chivundikiro. Anastazia atatambasula dzanja kuti atunge, iye anamuletsa.

"Kwatsala mphindi zinayi."

Zitakwana, Anastazia analawa, n'kukwinya nkhope.

"Akununkha ngati kuchipatala."

"Ndikabweze awanso?"

"Ayi," anatero akuseka, ndipo anamaliza kapu yonse.