Ufa wa a Milutin

Radojka anafika kuchigayo cha a Milutin mvula ikuwaza, pepala lothetsa mgwirizano lili m'thumba la jasi. Katatu konse ufa watirigu wochokera kuno unafika kubekale kwake uli ndi anankafumbwe. Ulendo uliwonse ankajambula matumbawo, kulemba dandaulo, n'kupereka nthawi yokonza monga mgwirizano unkanenera. Tsopano sukulu imene inkamugula buledi inali itamuchenjeza komaliza.

Loya anati chapafupi n'chakuti onse awiri asainirane kuti asiyana mwamtendere, ndipo za ufawo asazilalike m'tauni. Ikanatha kupita papositi kalata. Koma a Milutin anali kum wake, mboni ya ukwati wake, ndipo kum salemberedwa ngati mlendo.

"Mwana wanga, wabwera kudzandinyonga kapena kudzamwa kachasu wathu wa rakija?" anafunsa mkuluyo, ndevu zili mbuu.

"Zonse ziwiri, a kum. Tiyambe ndi rakijayo."

Anaseka, namwa. Kenako Radojka anayala pepalalo.

"Mulibe mawu okunenani. Ufa wabwino umene munabweretsa ndilipira wonse, wowonongeka mutenga. Palibe wosumira mnzake."

"Bambo ako sakanachita zimenezi."

"Bambo anga sankadyetsa ana asukulu. Werengani kaye."

A Milutin anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, akugwedeza mutu ngati akumva mfundo iliyonse. Pepalalo anali ataligwira chozondotsa.

"A kum... mukundiona?"

Kuseri chigayo chinkangolira. A Milutin anayankha motsitsa mawu.

"Ndikuona jasi lako. Nkhope ayi. Zinayamba chilimwe chatha. Mkazi wanga Zorka sakudziwa, ndipo akadziwa auza mnyamata wathu wa ku Novi Sad, agulitsa chigayochi ndili moyo. Ingondiika dzanja posainira, uzipita."

Radojka anafunitsitsa kutero. Koma munthu wosaona akasainira chimene sanachiwerenge, mawa mwana wake adzaima m'khothi kunena kuti nkhalamba inapusitsidwa. Kalata yapapositi nayo akanaitsegula Zorka yemweyo.

"Sindingathe. Wina wakwanu akuwerengereni mokweza, asainenso ngati mboni."

"Wanditengera msika, ukufuna unditengerenso ichi?"

"Mukapeza wokuonerani ufa, thumba loyamba ndidzaliyesa ndine."

"Usamuitane, Radojka."

Anamuitana. Zorka, mkazi wa a Milutin, analowa akupukuta manja.

"Iwe nkhalamba, wataya magalasi kachiwiri? Kusukulu unkapitira nkhomaliro basi!"

Anawerenga ndime yoyamba akuseka, yachiwiri sanaseke. Atamaliza anapereka cholembera kwa mwamuna wake. Dzanja la a Milutin linachiphonya, likufufuza m'malere. Zorka analiyang'ana dzanjalo, kenako maso aja. Analigwira n'kuliika pamzere.

Onse atasaina, Radojka anapinda pepala lake, napita kukhomo.

"Upite bwino, mwana wanga," anatero a Milutin, akulankhula ndi mpando umene iye anali atachokapo kale.