Mphindi Ziwiri za Mlendo Wolemekezeka

Mbiri ya mlendo wolemekezeka inafika Lachitatu, masamba anayi. Woyang'anira laibulale, mayi amene chaka chilichonse ankayendetsa mwambo wa chakudya cha omaliza maphunziro pasukulu ya azamba ija, anaiwerenga kawiri ali ndi pensulo m'manja. Anapezamo zolakwika zitatu.

Pepalalo linkamutchula mlendoyo kuti Dokotala, pomwe mayiwo anali mzamba komanso mphunzitsi wa azamba. Linkati sukulu inatsegulidwa mu 1985, pomwe kaundula woyamba, amene ankasungidwa m'kabati ya mulaibulale, anayamba pa 3 Febuluwale 1986. Chachitatu chinali liwu limodzi. Linkati mayiwo anayambitsa sukuluyo okha.

Theka la masamba a kaundula uja linali ndi zilembo za munthu wina, zopendekera kumanzere. Zinali za amayi ake a woyang'anira laibulaleyo. Anamwalira mu 1991, iye ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Chithunzi chawo sichinali pakhoma lililonse la sukuluyo. Iye anali atagwirapo ntchito zaka zisanu ndi chimodzi, akudziwika ndi dzina la mwamuna wake, ndipo sanauzepo munthu kuti ndi mwana wawo. Nthawi ya nkhomaliro ankatsegula kaundulayo n'kumayang'ana zilembozo. Ankangofuna kumva munthu wina akutchula dzina la amayi ake pamalopo, ngakhale kamodzi kokha.

Mkulu wa sukulu ankafuna kuti masamba onse anayi awerengedwe. Anati mlendo wotere samulandira ndi timawu towerengeka, ndiponso mawu oti Dokotala sapweteka munthu. Woyendetsa mwambo anayankha kuti anthu adzakhala atakhala kale maola atatu muholo masana, ndipo mpunga udzakhala ukuzizira. Mphindi ziwiri zikwana: mfundo zitatu zoona, kankhani kamodzi, dzina kumapeto.

"Inu ndi tiwotchi tanu," anatero mkuluyo. "Tsiku la ukwati wanu munawapatsa mphindi zingati abusa?"

"Khumi ndi zisanu, bwana. Anatha khumi ndi ziwiri."

Mkuluyo anaseka, n'kumuuza kuti achite mmene akudziwira, bola asachititse sukulu manyazi.

Loweruka, ili hafu pasiti faifi, anakawapeza alendowo m'kachipinda ka kuseri kwa holo, mmene munaunjikidwa mipando yapulasitiki yotsala. Anali mayi wamng'ono thupi, wa zaka 72, atavula nsapato imodzi chifukwa cha chala chotupa. Woyendetsa mwambo anawapempha kuti atchule okha dzina lawo lonse, ndipo iye analibwereza mpaka anavomereza. Kenako anawawerengera zimene analemba pakakhadi.

Atawauza kuti wachotsa mawu oti Dokotala, mayiwo anagwedeza mutu mosangalala. Anati anthu akhala akuwapatsa udokotala umenewu kwaulere kwa zaka zambiri, moti amaopa kuti tsiku lina adzawapempha kuti ang'ambe munthu. Pa zaka zimene anaphunzitsa anamukonza: osati makumi atatu, koma makumi atatu ndi chimodzi, chifukwa anapuma mu 2017. Iye anafufuta n'kulembanso.

Atafika pa mzere wonena kuti anali mmodzi mwa anthu awiri amene anayambitsa sukuluyo, mayiwo anamudula mawu.

"Wakuuzani ndani kuti tinali awiri?"

"Kaundula, mayi."

"Kaundula sanama. Anzangawo tinkawatchula kuti a Wotchi. Ukachedwa ndi mphindi imodzi, umapeza chitseko chotseka, ngakhale ineyo."

Anafotokoza kuti chaka choyamba anali ndi ophunzira khumi ndi awiri koma analibe chidole chophunzitsira kubadwa kwa mwana. Awiriwo anasoka chawo kuchokera ku pilo wakale, mutu wake mpira wa tenesi wokutidwa ndi sokosi. Mnzawoyo ndiye anasoka miyendo, ndipo umodzi unatalika.

Woyendetsa mwambo ankachidziwa chidolecho. Ali ndi zaka zinayi anagona nacho sabata yathunthu ya tchuthi. Anatsegula pakamwa kuti anene, koma mkulu wa sukulu analowa n'kunena kuti anthu akudikira. Mayiwo anavala nsapato yawo, n'kutuluka.

Anatsala yekha ndi kakhadi kake. Pansi pake panali malo okwana mzere umodzi. Analembapo dzina la amayi ake, n'kuliyang'ana. Zinali zoona, ndipo palibe akanamutsutsa. Koma mphindi ziwirizo sizinali zake, komanso sizinali za amayi ake. Akanatchula dzinalo, mawu ake akananjenjemera, ndipo holo yonse ikanasiya mlendo n'kumayang'ana iye. Anafufuta dzinalo ndi labala mpaka pepala linachita ubweya.

Muholo munali matebulo makumi awiri. Omaliza maphunziro anali atakolowetsa mikanjo yawo kumbuyo kwa mipando, makolo akujambula ndi mafoni. Itakwana sikisi koloko, iye anaima pagome lolankhulira, anayesa maikolofoni ndi chala, n'kuchotsa pachifuwa kawotchi ka anamwino kokhala ndi pini, n'kukaika pafupi ndi kakhadi. Anapereka ulemu kwa mkulu wa sukulu, aphunzitsi, makolo ndi omaliza maphunziro. Kenako anati:

"Mlendo wathu ndi mzamba. Ndi mmodzi mwa amayi awiri amene anatsegula sukulu ino pa 3 Febuluwale 1986, ndi ophunzira khumi ndi awiri. Anaphunzitsa pano zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo kaundula akusonyeza kuti azamba 940 anadutsa m'manja mwawo. Chaka choyambacho analibe chidole chophunzitsira. Iwo ndi mnzawo anasoka chawo ndi pilo, mutu wake mpira wa tenesi, mwendo umodzi wautali. Inu amene mwamaliza lero, kagwiridwe ka mutu wa khanda kamene mwaphunzira kanayambira pa mpira umenewo. Ena a ife muno tinabadwira m'manja mwa ophunzira awo, ndipo sitinawathokozepo. Tiwathokoze lero."

Anatchula dzina lawo lonse monga mwini wake analitchulira, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono. Wotchi inasonyeza kuti watha mphindi imodzi ndi theka. Anthu anaimirira okha, osauzidwa.

Mayiwo anayenda pang'onopang'ono chifukwa cha chala chija. Atafika pagome, iye anawatsitsira maikolofoni. Koma iwo sankayang'ana anthu. Ankayang'ana kawotchi kaja, galasi lake losweka pakona, pini yake yopindika. Kanali ka mnzawo uja. Anaphimba maikolofoni ndi dzanja.

"Imatsogolabe ndi mphindi zitatu?"

"Sindinaikonzetse, mayi."

"Ndiwe uja unatibera chidole."

"Ndine."

"Ukatha mwambo usathawe, mwanangu. Ndili ndi zambiri zokuuza."

Iye anakakhala pampando wake m'mbali mwa nsanja, pulogalamu ili pamiyendo. Malinga ndi pepalalo, mlendo anali ndi mphindi khumi, kenako pemphero, kenako chakudya. Mayiwo anayamba n'kunena kuti woyendetsa mwambo wanena zoona zokhazokha, chinthu chimene sichichitika kawirikawiri pamiyambo ngati imeneyi, koma wasiya dzina limodzi, la mnzawo amene anayambitsa naye sukulu. Ndiye analitchula. Linamveka m'masipika onse anayi, mpaka kumbuyo kumene operekera zakudya anaima ndi mbale.

Mlendoyo analankhula mphindi khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Mkulu wa sukulu anatembenuka kawiri kuyang'ana woyendetsa mwambo, kudikira kuti aimirire pafupi ndi gome monga ankachitira wina akatalikitsa. Iye sanaimirire. Wotchi yake inali idakali pagome paja, pansi pa dzanja la mayiwo.