Kamzere Koyera pa Chithunzi cha Kamchira

Bambo ake a Kamchira adabwera kuchokera kukiliniki atanyamula kapepala m'malo mwa mankhwala. Adaika kapepalako pa makina osokera a mkazi wawo, nkuima patali ngati munthu woti waswa mbale.

Mayiyo anali telala, ndipo telala wodzimva. Ankati chiyambireni ntchito sadabwezeredwepo chovala, sadaiwalemo kaphini m'diresi la munthu. Mwana wawo wamkazi wa zaka zisanu adamutcha Kamchira chifukwa kulikonse kumene mayi ake apita, iye ali pambuyo. Koma tsopano mwanayo anali ndi chifuwa chosamva mankhwala, ndiye mmawa umenewo bambo ake adapita naye kukajambulitsa ekisileyi. Atangojambulidwa, bamboyo adathamanga naye kusukulu kuti asachedwe, nkubwerera okha kukamva zotsatira.

"Mwana akhosomole, inu mubwere ndi kalata?" adatero mayiyo, timaphini titatu tili pamilomo monga mwa nthawi zonse. "Akuti chiyani?"

"Wojambula ekisileyiyo anandifotokozera, koma anati ndikafotokoza ndekha ndisokoneza. Werengani."

Wojambulayo adawawerenga bwino bambowa, chifukwa nkhani ikadzera mwa iwo inkafika yoduka miyendo. Kapepalako kanali kotere:

"Mayi, ndine amene ndajambula mwana wanu. Chithunzi chiyenera kubwerezedwa lero lomwe. Kumanja kwa chifuwa kukuoneka kamzere koyera, kowongoka, konga kachitsulo. Mwana analira kuti akumva kuzizira, ndiye ndinamulola kujambulidwa atavala vesiti. Pamenepo ndinalakwitsa ndine. Chithunzi chakutsogolo chili ngati mthunzi, sichinena ngati kanthuko kali pa nsalu kapena m'kati mwa thupi. Tijambulanso atavula, kutsogolo ndi cham'mbali. Adokotala aona ndipo avomereza. Musamudyetse, musamusanzitse. Mubwere ndi vesitiyo."

Mayiyo adawerenga kawiri. Choyamba kubwera unali mkwiyo, poti vesitiyo adaisoka okha. Ndiye kuti munthu wakukilinikiyu akunena kuti iwo, iwo enieni, adasiya kaphini m'chovala cha mwana wawo? Kenako adayang'ananso mawu oti "m'kati mwa thupi", ndipo mkwiyo udathawa.

"Katengeni mwana kusukulu, bambo ake. Musamugulire kanthu panjira, ndimakudziwani."

Mwana atafika, adamuvula vesiti nkuyamba kuifufuza. Adaitembenuza, adapapasa mpendero wonse ndi zala, adaiunika pa zenera. Adatenga maginito amene amatolera timaphini pansi, nkuwayendetsa pa nsalu yonse. Palibe chimene chidakakamira. Adafika mpaka popasula msoko wapakhosi, msoko wabwinobwino. Telala amene ankadzitama kuti saiwala kaphini tsiku limenelo ankapemphera kuti akhale ataiwala.

"Mwina kanagwa panjira," adatero bamboyo.

"Mwina," adayankha mayiyo, ngakhale sadakhulupirire.

Kamchira, yemwe nkhani yonseyi inali yake, ankangoyang'ana maginito aja mwachidwi, kukhosomola pang'ono, nkufunsa ngati angawabwereke.

Kukiliniki adadutsa mabenchi odzaza anthu mpaka pa chitseko cholemera chokhala ndi nyali yofiira pamwamba. Wojambula uja adapezeka kuti ndi mayi wamng'ono thupi, wolankhula mofatsa. Telala adabwera atakonza mawu akuthwa, koma adasowa powalasa.

"Vesiti ndi iyi, mulibe kanthu. Ndiye munaona chiyani? Ndionetseni."

Wojambulayo adatembenuza kompyuta. Mayiyo anali asanaonepo m'kati mwa mwana wawo, ndipo ngakhale anali ndi mantha adasendera pafupi. Nthiti zinali ndandanda ngati mapindo a siketi.

"Chakudachi n'chiyani?"

"Mapapo. Muli mpweya, ndiye kuwala kwa makina kumangodutsa. Mafupa amakutchinga pang'ono, n'chifukwa chake akuoneka otuwa. Chitsulo chimatchinga kwambiri, chimawala chonchi." Adaloza kamzere kaja.

Mayiyo adakayeza ndi maso, maso a munthu amene sasowa tepi akaona chiuno.

"Kutalika kwake ndi kwa timaphini tanga. Koma tanga tili ndi mitu yachikasu. Aka kalibe mutu."

"Mituyo ndi yapulasitiki?"

"Eya."

"Pulasitiki kawirikawiri saoneka pano, mayi."

Kachiyembekezo koti mwina si kaphini kawo kadazima pomwepo.

"Nanga kumujambula kawiri tsiku limodzi sikumupweteka?"

"Mphamvu yake ndi yochepa, komabe sitibwereza popanda chifukwa. Apa chifukwa chilipo. Kodi ndinu oyembekezera? Ngati ayi, valani chovala cholemerachi muime naye, asaope."

Kamchira adaima chifuwa chili pamtunda, wojambula atamuyang'ananso tsitsi ndi khosi kuti pasakhale mkanda kapena kanthu kena. Adamuuza kuti akoke mpweya wambiri ngati akufuna kuzima makandulo, koma asauzire. Makina adalira pang'ono. Kenako adamutembenuza cham'mbali, manja m'mwamba, nkujambulanso.

Zithunzi zidatuluka pa kompyuta nthawi yomweyo. Mayiyo sadadikire kuuzidwa. Pa choyamba kamzere kanali pomwe paja. Pa cham'mbali sikanali kutsogolo kwa chifuwa, sikanali kumsana. Kanali pakati.

"Ndiitane adokotala," adatero wojambulayo. "Kunena za matenda ndi ntchito yawo. Inu khalani pansi kaye."

Adokotala adabwera, adayang'ana, nkunena kuti kanthuko kakuoneka kuti kali m'njira ya mpweya yolowa m'phapo lakumanja. Adati alemba kalata yopita kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo, kumene amamugoneka mwana tulo nkukatulutsa ndi kapaipi kodzera pakamwa. Kenako adagwada pamaso pa Kamchira.

"Iwe, unayamba waikapo kanthu kakuthwa m'kamwa?"

Mwanayo adayang'ana mayi ake, osati mwamantha, koma modabwa kuti munthu wamkulu angafunse zodziwikiratu chonchi.

"Ndimasoka diresi la chidole changa. Ndiye ndinaseka, kaphini kamodzi kanalowa. Ndinatsamwa, kenako zinatha."

"Bwanji sunanene?" adafunsa mayiyo.

"Mumakwiya timaphini tikasowa."

Bamboyo adatsegula pakamwa kuti alankhule, koma ataona nkhope ya mkazi wawo adatsekanso. Tsiku limenelo adachita nzeru.

Kuchipatala chachikulu zidayenda bwino. Mmawa mwake namwino adawapatsa kabotolo, m'kati muli kaphini kodera, mutu wake wachikasu. Mayiyo adakayang'anitsitsa. Pamutupo panali timabowo ta mano, ngati pa timaphini tawo tonse, koma ena mwa manowo anali aang'ono kwambiri. Misozi idatsika, ya chisangalalo ndi manyazi pamodzi.

Atatuluka adadzera kukiliniki kukamuonetsa wojambula uja, yemwe adakazunguza m'kabotolomo nati, "Ndiye mutu wake ndi umenewu! Ndimafuna nditauona."

Patapita masiku, mayiyo adabwerera pa makina. Panali diresi loti apinde mpendero. Adagwada, dzanja lidatola timaphini titatu lokha nkuyamba kukwera kukamwa. Pambali pawo Kamchira anali atagwadanso chimodzimodzi, chidole m'manja, maso ali pa dzanja lija, kakamwa kake katayamba kale kutseguka.

Dzanja lidaima m'malere. Mayiyo adabaya timaphinito pa kapilo kamene adasoka ali wophunzira koma sadakagwiritsepo ntchito, nkukamanga pamkono.

"Amama," adatero Kamchira, "nanenso mundisokere kanga."